Bolodi la kanban

Bolodi la kanban ndi chida chimene gulu la anthu limagwiritsa ntchito pofuna kuona ntchito zake zonse pamalo amodzi ndi kutsatira mmene zikuyendera. Bolodili limagawidwa m'zigawo zoimirira, ndipo chigawo chilichonse chimaimira sitepe imodzi imene ntchito imadutsamo. Ntchito iliyonse imalembedwa pa khadi lakelake, ndipo khadilo limasuntha kuchokera kumanzere kupita kumanja mpaka ntchitoyo itatha. Chimene chimasiyanitsa kanban ndi mndandanda wamba wa zochita ndi malire. Pamwamba pa chigawo pamalembedwa nambala, ndipo makhadi a m'chigawocho saloledwa kupitirira nambalayo. Chigawo chikadzaza, palibe amene amayamba ntchito yatsopano mpaka ina itatuluka.

## Chiyambi

Mawu akuti kanban ndi a Chijapanizi, ndipo amatanthauza chikwangwani. Njirayi inakhazikika ku kampani ya magalimoto ya Toyota ku Japan, motsogozedwa ndi injiniya Taiichi Ohno, amene anabadwa mu 1912 n'kumwalira mu 1990. Ohno anatengera maganizo ake pa mmene masupamaketi a ku America ankayendera. Wogula amatenga chimene akufuna pa shelefu, ndipo wa m'sitolo amabwezeretsa chokhacho chimene chatengedwa. Ku Toyota, khadi linkamatidwa pa bokosi la zipangizo. Zipangizozo zikatengedwa, khadi linkabwerera kwa opanga ngati chilolezo chopangira zina. Popanda khadi sankapanga kanthu, choncho kuchuluka kwa makhadi n'kumene kunkaika malire a katundu wosatha kupangidwa amene ali m'fakitale. Ohno anafotokoza njirayi m'buku lake limene linatuluka m'Chijapanizi mu 1978, ndipo m'Chingerezi mu 1988.

Amene anatchukitsa kanban pa ntchito za mu ofesi ndi David J. Anderson. Mu 2004 anathandiza kagulu kena ka ku Microsoft kokonza mapulogalamu a kompyuta kuti kachepetse ntchito zimene kankayamba nthawi imodzi. Pambuyo pake anapitiriza njirayi ku kampani ya Corbis mumzinda wa Seattle, kumene gulu lake linkamata timapepala pa bolodi la pakhoma. Buku lake lonena za kanban linatuluka mu 2010. Mu 2011 Jim Benson ndi Tonianne DeMaria Barry anatulutsa buku lotchedwa *Personal Kanban*, limene linafupikitsa nkhani yonse kukhala malamulo awiri: ntchito izioneka, ndipo ntchito zoyambidwa zizikhala ndi malire. Masiku ano pali mapulogalamu monga Trello ndi Jira amene amajambula bolodili pa kompyuta, koma bolodi la choko kapena pepala lalikulu pakhoma limagwira ntchito yomweyo kwa gulu limene limakhala m'chipinda chimodzi.

## Chitsanzo cha kagulu ka ku Domasi

Dera la Domasi m'boma la Zomba limadziwika ndi maphunziro. Mishoni ya Domasi inatsegulidwa ndi mpingo wa Church of Scotland mu 1884, ndipo m'chigwa chomwecho muli Malawi Institute of Education, bungwe limene limakonza silabasi ya m'sukulu, ndiponso Domasi College of Education, koleji yophunzitsa aphunzitsi. Chitsanzo chimene chikutsatirachi n'chongoyerekeza. Sichikunena za mabungwe amenewa, ndipo manambala ake aikidwa pofuna kuonetsa mawerengedwe.

Tiyerekeze kuti pafupi ndi mishoniyi pali kagulu ka anthu anayi kamene kamakonza timabuku tankhani ta Chichewa toti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziwerenga. Awiri ndi alembi, mmodzi ndi wojambula zithunzi, ndipo wachinayi ndi mkonzi amene amaunika kabuku kalikonse kasanapite kosindikiza. Mkonziyu ndi mphunzitsinso, choncho amapeza mpata masana okha. Alembi ndi wojambula amamupatsira timabuku 4 pa sabata, pamene iye amatha kuunika timabuku 3. Aliyense amakhala wotanganidwa, komabe aphunzitsi amene apempha kabuku amadikira pafupifupi mwezi ndi theka, ndipo palibe amene akudziwa kumene nthawiyo ikupita.

## Kakonzedwe ka bolodi

Poyamba gulu limalemba masitepe amene ntchito imadutsamo lero, osati amene likulakalaka kuti idzadutsemo mtsogolo. Kwa kagulu aka, zigawo ndi zisanu: Zodikira, Kulemba, Kujambula, Kuunika ndi Zatha. Chigawo cha Zodikira chimasunga mitu ya nkhani imene yapemphedwa koma sinayambidwe. Zigawo zitatu zapakati ndizo zili ndi ntchito zoyambidwa, kutanthauza ntchito zimene munthu wina waziyamba koma sizinafike kwa mwini wake.

Chigawo cha Kulemba ndi cha Kujambula chimagawidwanso pawiri, mbali ya zimene zikuchitika ndi mbali ya zimene zakonzeka. Mlembi akamaliza nkhani sakankhira khadi kwa wojambula. Amalisiya kumbali ya zokonzeka m'chigawo chake chomwecho, ndipo wojambula amalikoka yekha akapeza malo. Kukoka m'malo mokankha ndiwo mtima wa kanban. Khadi lokonzeka limawerengedwabe m'chigawo cha mlembi, choncho ngati wojambula sakulitenga, mlembiyo sangapitirize kuunjika nkhani zina.

Khadi lililonse limaimira kabuku kamodzi, osati tsiku la ntchito kapena munthu. Pakhadipo amalembapo mutu wa nkhani, kalasi imene nkhaniyo ikupita, dzina la amene akuigwira ndi madeti awiri. Deti loyamba ndi tsiku limene khadi lachoka ku Zodikira kulowa ku Kulemba, ndipo lachiwiri ndi tsiku limene lafika ku Zatha. Miyezo yonse imene ifotokozedwe m'munsimu imachokera pa madeti awiriwa, n'chifukwa chake gulu liyenera kugwirizana kuti ntchito imayamba pati ndipo imatha pati.

Pansi pa chigawo chilichonse amalemba lamulo lotulukira. Mwachitsanzo, pansi pa Kulemba angalembe kuti nkhani yakonzeka ngati yagawidwa m'masamba 12 ndipo pa tsamba lililonse palembedwa chithunzi chimene chikufunika. Lamulo likapanda kulembedwa, aliyense amakhala ndi tanthauzo lake la mawu akuti “ndamaliza”, ndipo makhadi amayamba kubwerera m'mbuyo.

Tsiku loyamba, kaguluka kataika pabolodi ntchito zonse zimene zili m'manja, kakupeza makhadi 5 ku Kulemba, 4 ku Kujambula ndi 9 ku Kuunika. Onse pamodzi ndi 18, ndipo theka lake lili pa tebulo la munthu mmodzi.

## Lamulo la Little

Chifukwa chimene malire amafupikitsira nthawi yodikira chimafotokozedwa ndi lamulo la masamu limene John D. C. Little anatsimikizira mu 1961. Limalembedwa chonchi:

```
L = λW
```

L ndi avereji ya zinthu zimene zili mkati, λ ndi avereji ya zinthu zimene zimadutsa pa nthawi yoikika, ndipo W ndi avereji ya nthawi imene chinthu chimodzi chimakhala mkatimo. Pofuna kupeza nthawi, amagawa L ndi λ.

Lamuloli limaoneka bwino pa mjigo. Ngati pamzere pamakhala ndowa 12 ndipo ndowa imodzi imadzaza pa mphindi 2, ndiye kuti pa ola pamadzaza ndowa 30. Kugawa 12 ndi 30 kumapereka 0.4 ya ola, amene ndi mphindi 24. Anthu ena akabweretsa ndowa mpaka mzere kufika 24, mjigo sutulutsa madzi ambiri chifukwa cha iwo. Chimene chimasintha n'chakuti aliyense adikira mphindi 48.

Kwa kagulu ka timabuku, makhadi oyambidwa ndi 18 ndipo amene amatha pa sabata ndi 3. Kugawa 18 ndi 3 kumapereka masabata 6, umene uli mwezi ndi theka umene aphunzitsi amadandaula nawo. Kabuku kamodzi sikafuna masabata 6 a manja a munthu. Nthawi yambiri kamangokhala pa mulu kudikira. Komanso popeza ku Kuunika kumalowa 4 n'kutuluka 3, muluwo umakula ndi khadi limodzi sabata iliyonse, ndipo nthawi yodikira ikula nawo.

Lamulo la Little lili ndi polekezera pake. Limanena za avereji, choncho silingauze munthu tsiku limene khadi lakutilakuti lidzathe. Limagwira bwino ngati zolowa ndi zotuluka zikufanana pa nthawi yaitali, ngati khadi lililonse loyambidwa limafikadi kumapeto, ndiponso ngati palibe makhadi akale amene akungokalamba pabolodi pamene atsopano akuwadumpha.

## Kuika malire

Palibe nambala imodzi yoyenera gulu lililonse. Magulu ambiri aang'ono amayamba ndi khadi limodzi kapena awiri pa munthu aliyense wa m'chigawocho, kenako amasintha akaona mmene zikuyendera. Njira ina ndiyo kuyambira pa nthawi imene gulu likufuna. Ngati kaguluka kakufuna kuti kabuku kazitha pa masabata 3, ndipo kamamaliza 3 pa sabata, malire a bolodi lonse ayenera kukhala 3 kuchulukitsa ndi 3, amene ndi makhadi 9.

Makhadi 9 amenewa akugawidwa motere. Ku Kulemba malire ndi 3, kuti mlembi aliyense akhale ndi nkhani imodzi ndipo pakhale malo a imodzi yokonzeka. Ku Kujambula ndi 3, imodzi m'manja ndi ziwiri zokonzeka. Ku Kuunika ndi 3, imene ili ntchito ya mkonzi ya sabata imodzi. Malo a zokonzeka aikidwa mowolowa manja patsogolo pa mkonzi chifukwa iye ndiye ali pothina, ndiye kuti pa sitepe imene imatulutsa zochepa kuposa ena onse. Masana amodzi amene mkonzi wakhala wopanda chounika ndi masana amene gulu lonse lataya, pamene mlembi akakhala wopanda cholemba masana amodzi chiwerengero cha timabuku totha sichisintha.

Pa tsiku loika malire, zigawo zonse zitatu zili kale pamwamba pa nambala zake. Makhadi sachotsedwa pabolodi kapena kubisidwa. Lamulo ndi lakuti chigawo sichikoka khadi lina mpaka chitatsika pansi pa malire ake. Zotsatira zake zikuoneka pa kawerengedwe ka Lachisanu lililonse:

| Sabata | Kulemba | Kujambula | Kuunika | Zoyambidwa zonse | Zatha chiyambire |
|---|---|---|---|---|---|
| 0 | 5 | 4 | 9 | 18 | 0 |
| 1 | 5 | 4 | 6 | 15 | 3 |
| 2 | 5 | 4 | 3 | 12 | 6 |
| 3 | 3 | 3 | 3 | 9 | 9 |
| 4 | 3 | 3 | 3 | 9 | 12 |

M'masabata awiri oyamba mkonzi yekha ndiye akusuntha makhadi, kutsitsa mulu wake kuchoka pa 9 kufika pa 3. Alembi ndi wojambula akumaliza zimene zili m'manja mwawo n'kuzisiya kumbali ya zokonzeka. M'sabata yachitatu mkonzi akumaliza makhadi atatu ndipo akukoka atatu kuchokera ku Kujambula. Wojambula anali ndi 4, choncho khadi loyamba likachoka akutsala ndi 3 ndipo sakukokabe. Awiri otsatirawo akachoka, akukoka awiri kuchokera ku Kulemba, ndipo kumeneko kukutsala 3. Nkhani yatsopano ikuyambidwa m'sabata yachinayi. Kuyambira pamenepo, kabuku kamodzi kakatuluka kumanja, malo amatseguka motsatizana mpaka kumanzere, ndipo kamodzi kamalowa.

Pofika apa nthawi ya kabuku yatsika kuchoka pa masabata 6 kufika pa 3, koma chiwerengero cha totha chikadali 3 pa sabata. Malire paokha sawonjezera zotuluka. Amachepetsa kudikira, ndipo amaonetsa poyera amene ali ndi mpata.

## Chigawo chikadzaza

Nthawi yovuta kwambiri pa kanban ndi pamene munthu wamaliza ntchito yake koma malire sakumulola kuyamba ina. Ambiri amaona ngati kukhala opanda khadi ndi ulesi, ndipo amafuna kukweza nambala. Kukweza nambala pa nthawi yotere kumangobwezeretsa mulu wakale. Chimene munthuyo amachita ndicho kuyang'ana kumanja kwa bolodi n'kufunsa kuti angathandize bwanji khadi limene lili pafupi kutha.

M'chitsanzochi, alembi akupeza kuti nthawi yambiri ya mkonzi imathera pa zolakwika zobwerezabwereza, monga kalembedwe ka mawu, mizere yaitali kuposa msinkhu wa mwana ndi mawu osagwirizana ndi chithunzi. Akugwirizana kuti mlembi aliyense aziwerenga nkhani ya mnzake isanachoke ku Kulemba, potsata mndandanda waufupi wa zofunika kuona, ndipo akuwonjezera zimenezi pa lamulo lotulukira. Tiyerekeze kuti izi zikuthandiza mkonzi kufika pa timabuku 4 pa sabata. Kugawa 9 ndi 4 kumapereka masabata 2.25, amene ndi pafupifupi masiku 11 ogwira ntchito. Tsopano wojambula, amene sapitirira 4 pa sabata, wafanana ndi mkonzi, ndipo mulu wotsatira ungaonekere kwa iye. Pothina pamasamuka gulu likakonza malo amodzi, choncho bolodi limafunika kuwerengedwa mosalekeza.

Pali chifukwa cha masamu chimene gulu siliyenera kudzaza nthawi ya aliyense mpaka pakamwa. Pa mzere wa wotumikira mmodzi umene ntchito zimafika mosadziwika nthawi ndipo zimasiyanasiyana kukula, avereji ya kudikira imakula motsata ρ/(1−ρ), pamene ρ ndi gawo la nthawi imene wotumikirayo amakhala wotanganidwa. Akatanganidwa theka la nthawi, kudikira kumafanana ndi nthawi yogwira ntchito imodzi. Pa 80 mwa 100 kumakhala kuwirikiza ka 4, pa 90 ka 9, ndipo pa 95 ka 19. Manambalawa ndi a mzere wa m'mabuku a masamu, umene ulibe malire, koma phunziro lake limagwira paliponse. Mpata wochepa umene umatsala ndi umene umameza zadzidzidzi monga kuzima kwa magetsi, maliro kapena matenda.

## Kuwerenga kayendedwe ka ntchito

Chikalata cha *The Kanban Guide*, chimene John Coleman ndi Daniel Vacanti anatulutsa mu 2020, chimatchula miyezo inayi: ntchito zoyambidwa, chiwerengero cha zomalizidwa pa nthawi yoikika, nthawi imene khadi lotha linatenga, ndi msinkhu wa khadi limene silinathe. Iwiri yoyamba yaoneka kale pa tebulo pamwambapa. Iwiri yotsalayo imachokera pa madeti a pa makhadi.

### Nthawi ya makhadi otha

Tiyerekeze kuti makhadi 20 amene atha pambuyo pa kusinthaku anatenga masiku ogwira ntchito otsatirawa, atasanjidwa kuyambira ochepa: 6, 7, 7, 8, 8, 9, 9, 9, 10, 10, 10, 11, 11, 12, 13, 14, 15, 17, 19, 24. Onse pamodzi ndi masiku 229, ndipo avereji yake ndi 11.45, imene ikuyandikana ndi zimene lamulo la Little linapereka. Koma gulu likalonjeza aphunzitsi kuti kabuku kazitha pa masiku 11, lidzawakhumudwitsa kawirikawiri, chifukwa makhadi 7 mwa 20 anapitirira masiku amenewo.

Njira yodalirika ndiyo kuwerenga pa mndandanda wosanjidwawo mpaka khadi la 17, popeza 17 mwa 20 ndi 85 mwa 100 alionse. Khadi limenelo linatenga masiku 15. Choncho gulu linganene kuti kabuku kakayambidwa, nthawi 85 mwa 100 kamatha pa masiku 15 kapena kucheperapo. Lonjezoli silikuphatikiza nthawi imene mutu unakhala ku Zodikira. Amene wapempha kabuku amawerenga kuyambira tsiku limene anapempha, choncho ngati ku Zodikira kuli mitu 20 patsogolo pake ndipo gulu limamaliza 4 pa sabata, ayenera kuuzidwa kuti padutsa masabata 5 ntchito yake isanayambe n'komwe.

### Msinkhu wa khadi

Nthawi ya makhadi otha imanena za kale, pamene msinkhu umanena za lero. Msinkhu ndi masiku amene adutsa kuyambira pamene khadi linalowa ku Kulemba. Pa bolodi la pakhoma, ena amaika kadontho pa khadi tsiku lililonse kuti msinkhuwo uzioneka patali. Khadi la masiku 12 limene lili ku Kuunika lili bwino, chifukwa lingathe lisanafike 15. Khadi la masiku 12 limene likadali ku Kulemba lili m'mavuto, chifukwa theka la makhadi limakhala litamaliza ulendo wonse pa masiku 10. Gulu limene limayang'ana msinkhu limagwira khadi lotere lisanakhale ngati lija la masiku 24.

N'chifukwa chake msonkhano wa pabolodi, umene umatenga mphindi 10 kapena 15, umayambira kumanja kupita kumanzere, ndipo m'chigawo chilichonse umayambira pa khadi lakale kwambiri. Funso silikhala lakuti aliyense anachita chiyani dzulo, koma lakuti n'chiyani chikulepheretsa khadi ili kusuntha.

### Tchati cha kuunjikana

Manambala a Lachisanu lililonse angajambulidwe pa tchati. Mzere wogona umaimira masabata, woimirira umaimira makhadi, ndipo zigawo zimasanjikizidwa ngati malamba, Zatha pansi ndi Kulemba pamwamba. Kunenepa kwa lamba pa sabata inayake ndi makhadi amene ali m'chigawocho. Kutsetsereka kwa mzere wa Zatha kumasonyeza liwiro la kumaliza. Mtunda wopingasa pakati pa mzere wa zoyambidwa ndi wa Zatha umapereka chithunzi cha avereji ya nthawi. Lamba amene akunenepa sabata ndi sabata akusonyeza kuti m'chigawocho mukulowa zambiri kuposa zotuluka. Mzere wa Zatha ukagona kwa masabata angapo kenako n'kudumpha, ndiye kuti ntchito zikutulutsidwa m'mitolo, monga mkonzi akamasunga timabuku kuti akatisaine tonse tsiku limodzi.

## Ntchito zotsekeka ndi zachangu

Nthawi zina khadi silingasunthe chifukwa cha chinthu chakunja, monga kudikira yankho la mphunzitsi wamkulu kapena kutha kwa mapepala ojambulira. Khadi lotere limaikidwa chizindikiro chofiira cholembedwa chifukwa chake ndi deti, ndipo limakhalabe m'chigawo chake n'kumawerengedwa pa malire. Magulu ena amapanga chigawo chapadera chopanda malire choikamo zotsekeka. Zimenezi zimachotsa ululu umene ukanawakakamiza kutsata yankholo, ndipo makhadi amaiwalika mmenemo. Zizindikiro zofiira zikasonkhanitsidwa pa mapeto a teremu, zimaonetsa chifukwa chimene chimabwerezabwereza.

Ntchito zachangu zimapatsidwa mzere wawo pamwamba pa bolodi, ndipo malire ake ndi khadi limodzi. Khadi lachangu limaloledwa kudumpha mzere, koma mtengo wake umalipidwa ndi makhadi ena. Ngati mkonzi amaunika 4 pa sabata ya masiku 5, kabuku kamodzi kachangu kamachedwetsa makhadi onse amene ali kumbuyo kwake ndi tsiku limodzi ndi kota. Ntchito zachangu zikamabwera sabata iliyonse, ndiye kuti gulu silinagwirizane tanthauzo la changu, kapena anthu aphunzira kuti njira wamba ndi yochedwa.

## Zizindikiro za malire olakwika

Malire akakhala aakulu kwambiri, chigawo sichidzaza ndipo palibe amene amaimapo. Makhadi amakhala masiku ambiri kumbali ya zokonzeka, munthu mmodzi amakhala ndi dzina pa makhadi atatu kapena anayi, ndipo nthawi ya makhadi otha sitsika. Apa nambala imatsitsidwa ndi imodzi.

Malire akakhala aang'ono kwambiri, munthu wa pothina amapezeka alibe chokoka, ndipo chiwerengero cha zomalizidwa chimatsika. Khadi limodzi lotsekeka limaimitsa bolodi lonse. M'chitsanzochi, malire a 1 ku Kujambula angatanthauze kuti wojambula akadwala masiku atatu, posapita nthawi mkonzi asowa ntchito. Apa nambala ya chigawo chimene chili patsogolo pa pothina imakwezedwa ndi imodzi.

Ndi bwino kusintha nambala imodzi pa nthawi, n'kudikira mpaka makhadi 10 kapena kuposerapo atatha asanaweruze zotsatira. Kusintha zinthu zingapo pamodzi kumapangitsa kuti gulu lisadziwe chimene chathandiza.

Palinso vuto limene manambala sangaonetse, la ntchito zimene sizili pabolodi. Mlembi akamalemba nkhani yachinayi m'kope lake podikira malo, bolodi limaonetsa 9 pamene zoyambidwa ndi 10. Zimadziwika makhadi akamadutsa chigawo cha Kulemba pa tsiku limodzi, kapena anthu akamaoneka otanganidwa pamene makhadi sakusuntha. Vutoli limakula ngati mtsogoleri akugwiritsa ntchito bolodi poweruza anthu, chifukwa aliyense amayamba kuteteza chigawo chake. Miyezo ya kanban imayeza ulendo wa khadi, osati khama la munthu.

## Pamene kanban imalekezera

Bolodi silisankha ntchito yoyenera kuyambidwa. Gulu lingamalize timabuku mwachangu koma tosafunika, choncho pamafunika kukumana, mwina Lolemba lililonse, kusanja mitu ya ku Zodikira. Kanban sichotsanso masiku oikika. Ngati timabuku 24 tikufunika teremu isanatseguke ndipo gulu limamaliza 4 pa sabata, pakufunika masabata 6 a kumaliza, kuwonjezerapo masabata awiri kapena atatu oti kabuku koyamba kadutse ngati bolodi layambira lopanda kanthu. Masabatawo akakhala kuti palibe, kuyamba timabuku tonse 24 pamodzi sikufulumizitsa kanthu. Chotheka ndi kuchepetsa chiwerengero, kusankha toyamba kutha, kapena kuwonjezera manja pothina.

Njirayi imavutanso ngati ntchito zikusiyana kwambiri kukula. Buku la masamba 120 likaikidwa pa khadi limodzi pakati pa timabuku ta masamba 12, limatseka malo kwa miyezi ndipo limasokoneza miyezo yonse. Ntchito yotere imadulidwa m'mitu, mutu uliwonse ndi khadi lake, kuti khadi lililonse lithe kudutsa bolodi pa masiku oyandikana ndi amene gulu linalonjeza.